Momwe mungasiyanitsire ndalama zomangidwa ndi zomasuka m'mabuku a bungwe laling'ono

Sitetimenti ya ku banki imangokuuzani kuti mu akaunti muli ndalama zingati, siyikuuzani kuti ndi za yani. Bungwe la ku Salima likhoza kukhala ndi K14 miliyoni ku banki koma lilibe ndi K1 yomwe yoti lilipire mlonda, chifukwa ndalama zonsezo zinabwera kale ndi ntchito yake. Kuwerengera ndalama potsata mathumba, kutanthauza kuzigawa m'mabuku molingana ndi ntchito yomwe zinabwera nayo, ndi njira yoti tsiku lililonse muzitha kuyankha mafunso awiri: pa ndalama zimene tili nazo, ndi zingati zimene tikungosungira ntchito ya munthu wina, nanga ndi zingati zimene bodi ingagwiritse ntchito mmene yafunira?

Kuti tisamangolankhula m'malere, tiyerekeze bungwe laling'ono lomwe lili ndi ofesi ku Kamuzu Road. Chaka chake cha ndalama chimayamba Januwale n'kutha Disembala. Lili ndi holo yomwe limabwereketsa pa maukwati ndi misonkhano, limalandira zopereka za mamembala, ndipo chaka chino lapeza thandizo kuchokera kwa abwenzi awiri. Woyamba wapereka K24,000,000 yokonzera mijigo 12 ya Afridev kwa T/A Khombedza, kuyambira Epulo mpaka Malichi chaka chamawa. Wachiwiri wapereka K10,000,000 ya phala la ana a m'masukulu a mkombaphala, Januwale mpaka Disembala. Manambala onse ali m'munsimu ndi a chitsanzo chimenechi.

Gawo loyamba: ndalama iliyonse ikafika, funsani kuti waimanga ndani

Ndalama yomangidwa ndi imene wopereka ananena ntchito yake, dera lake kapena nthawi yake, ndipo inu munavomera polandira. Ndalama yomasuka ndi imene yabwera popanda mawu otero, monga ya holo, ya mamembala, kapena mphatso yomwe mwini wake anangoti "ikuthandizeni pa ntchito yanu". Pa mafomu a opereka thandizo ndi m'malipoti a maodita mudzaona zoyambazo zitalembedwa `Restricted`, zachiwirizo `Unrestricted`.

Womanga ndalama ndi wopereka yekha, ndipo woimasula ndi yemweyo. Bodi ya bungwe, ngakhale itagwirizana yonse, singatenge ndalama ya mijigo n'kuti tsopano ikhale ya lendi. Ngati mukufuna kusintha, lemberani mwini ndalama ndipo musunge yankho lake lolembedwa. Mawu a pa foni akuti "palibe vuto, pitirizani" sadzakuthandizani odita akadzafunsa, makamaka ngati amene anakuuzani uja anasiya ntchito.

Pali misampha iwiri pano. Woyamba ndi wakuti ndalama imatha kumangika popanda pangano losainirana. Mukalengeza m'matchalitchi ndi m'mizikiti kuti mukusonkhetsa ndalama zothandizira anthu amene nyumba zawo zagwa ndi madzi osefukira, ndalama iliyonse yobwera pa Airtel Money kapena Mpamba chifukwa cha chilengezocho yamangidwa ndi mawu anu omwe. Itsegulireni thumba lakelake. Msampha wachiwiri ndi wotembenuka. Bodi ikagwirizana kuti ipatule K500,000 ya holo kuti idzakonzere denga, ndalamayo siyinamangidwe ayi. Ndi yongopatulidwa, ikadali m'gulu la zomasuka, chifukwa bodi yomweyo ikhoza kusintha maganizo pa msonkhano wotsatira. Asungichuma ena amaiika pamodzi ndi zomangidwa kuti anthu asaikhudze. Cholingacho n'chabwino koma lipoti limakhala lonama.

Powerenga pangano, musangoyang'ana kuchuluka kwa ndalama. Tengani pepala limodzi mulembepo tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe mungagule zinthu, mizere ya bajeti, kuchuluka komwe mungasunthe pakati pa mizere popanda kupempha, zinthu zoletsedwa, zomwe zidzachitike ndi ndalama yotsala, mwini wa chiwongoladzanja cha ku banki, ndi mwini wa katundu wogulidwa pulojekiti ikadzatha. Pepala limenelo likhale pamwamba pa fayilo ya thumbalo.

Gawo lachiwiri: thumba lililonse likhale ndi nambala yake

Bungwe lathu lija lingatchule thumba lomasuka `U01`, la mijigo `R01`, la phala `R02`. Wopereka mmodzi akakupatsani mapangano awiri, amenewo ndi mathumba awiri. Nambala isasinthe mpaka thumbalo litatsekedwa.

Thumba si akaunti ya ku banki. Ena opereka thandizo amafuna akaunti yawoyawo, ndipo ngati pangano latero muitsegule. Koma akaunti yapadera payokha siyiteteza kanthu, popeza munthu akhoza kulipira lendi kuchokera mu akaunti ya mijigo. Komanso mathumba atatu akhoza kukhala mu akaunti imodzi bwinobwino ngati mabuku ali olongosoka. Zili ngati nkhokwe imodzi yomwe mabanja atatu asungamo chimanga: chofunika ndi kope lonena kuti matumba a uje ndi angati, osati kumanga nkhokwe zitatu.

Gawo lachitatu: lembani nambala ya thumba pa vocha, ndalama isanatuluke

Apa ndi pomwe zinthu zimalongosokera kapena kusokonekera. Vocha yolipirira ikhale ndi malo awiri owonjezera: thumba ndi mzere wa bajeti. Wopempha ndalama ndiye alembe, woyang'anira pulojekiti avomereze, ndipo osainira ndalama ku banki asasaine ngati malo awiriwo ali opanda kanthu. Mukasiya kuti akauntanti adzasankhe yekha kumapeto kwa mwezi, amangoyang'ana thumba lomwe lili ndi ndalama zambiri n'kuponya risiti mmenemo.

Buku la ndalama, kaya ndi la pamanja kaya la mu Excel, likhale ndi madanga asanu ndi awiri: A tsiku, B nambala ya vocha, C thumba, D mzere wa bajeti, E kufotokoza, F zolowa, G zotuluka. Mwachitsanzo, pa 12 Meyi vocha 087, thumba `R01`, mzere wa zipangizo, mapaipi ndi marodi a mjigo, zotuluka K1,850,000. Kuti mudziwe zotsala m'thumba la mijigo nthawi iliyonse, lembani izi m'kabokosi kena:

```
=SUMIFS(F:F,C:C,"R01")-SUMIFS(G:G,C:C,"R01")
```

Zotsala za chaka chatha zilembedwe ngati mzere woyamba wa zolowa wa thumba lake, apo ayi yankho lidzakhala lopereŵera. Ogwiritsa ntchito QuickBooks amachita zomwezi poika thumba pa danga la `Class`.

Ndalama yomwe mwapatsa wogwira ntchito kuti akachititse maphunziro a makomiti a mijigo ku Thavite siyinagwiritsidwe ntchito kufikira atabweretsa malisiti ndi mapepala osainira alawansi. Panthawiyo ili ngati ngongole yomwe ali nayo ku bungwe. Ilembeni m'kaundula wapadera wa ndalama zotengeratu, ndi thumba lake, ndipo ilowe m'zotuluka za thumbalo pokhapokha malisiti afika. Yotsala ibwerere m'thumba lomwe inachokera.

Gawo lachinayi: gawani zolipira zomwe mathumba onse amadyera limodzi

Mapaipi ndi a mijigo, ufa wa soya ndi wa phala, pamenepo palibe mkangano. Vuto lili pa zinthu zomwe zimatumikira onse: malipiro a akauntanti, njinga yamoto, lendi, magetsi a ESCOM, bandulo ya intaneti. Bungwe likalipira zonsezi kuchokera m'thumba lomasuka, thumbalo limauma pomwe mapulojekiti akuyenda mwaulere. Likaziunjika pa pulojekiti imodzi yonenepa, wopereka ameneyo akulipirira ntchito za anzake, ndipo odita wake adzakana malisitiwo n'kukuuzani kuti mubweze.

Njira yake ndi kusankha muyeso umodzi pa chinthu chilichonse, kuulemba, bodi n'kuuvomereza, kenako kuutsata mwezi uliwonse. Pa malipiro muyeso ndi nthawi. Akauntanti wathu uja amadya K400,000 pa mwezi, kuphatikizapo 10 peresenti ya penshoni yomwe olemba ntchito amaonjezera. Pepala lolembapo nthawi yogwira ntchito la mwezi wa Juni likuonetsa kuti 40 peresenti ya masiku ake anathera pa mijigo, 20 pa phala, 40 pa holo ndi za ofesi. Ndiye `R01` ilipira K160,000, `R02` K80,000, `U01` K160,000. Penshoni ya olemba ntchito igawidwe mofanana ndi malipiro ake, isamangogwera thumba lomasuka lokha.

Pa njinga yamoto muyeso ndi makilomita a m'kope la maulendo. Ngati mwezi umenewo njinga yayenda makilomita 1,000, pomwe 600 anali a ku mijigo, 250 a ku masukulu a mkombaphala ndi 150 a ku banki ndi misonkhano ya ku khonsolo, mafuta ndi sevisi za K200,000 zigawidwa K120,000, K50,000 ndi K30,000. Kope limeneli lizilembedwa tsiku la ulendo. Lolembedwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi kuyambira Epulo mpaka Disembala limaonekeratu, ndipo maodita analiona kambirimbiri.

Malire ake ndi awa: mungaike gawo la malipiro pa thumba lomangidwa pokhapokha bajeti yake ili ndi mzere umenewo. Ngati wa phala sanavomere za malipiro, K80,000 ija ibwerera ku thumba lomasuka, ndipo bodi idziwe kuti pulojekiti ya phala ikudya ndalama ya holo mwezi ndi mwezi. Opereka ena m'malo mwake amangolola peresenti yokhazikika ya zoyendetsera ofesi. Zikatero, mumasamutsa gawolo kupita ku thumba lomasuka molingana ndi mmene pangano lanenera, ndipo simuikanso lendi yomweyo pa mzere wina. Kulipiritsa chinthu chimodzi kawiri, kaya kwa wopereka mmodzi kaya kwa awiri, ndi mlandu waukulu kuposa kupyola bajeti.

Gawo lachisanu: mwezi ukatha, yesani ngati simunadye za eni

Izi zimatenga mphindi zochepa, koma ndi zimene zimapulumutsa bungwe. Mukamaliza kufananiza buku lanu ndi sitetimenti ya ku banki, werengani ndalama zonse zimene bungwe lili nazo, chotsanipo ngongole zomwe zikudikira kulipidwa, kenako chotsanipo zotsala za mathumba onse omangidwa. Chotsalacho ndiye ndalama yanu yeniyeni.

Tiyeni tione pa 31 Ogasiti. Ku banki kuli K14,050,000. M'kabokosi ka mu ofesi muli K100,000. Ogwira ntchito ali ndi K300,000 yotengeratu yomwe sanabweretse malisiti ake. Zonse pamodzi ndi K14,450,000. Koma pa ndalamazi pali K150,000 ya msonkho wa PAYE, msonkho wodulidwa kwa amisiri ndi penshoni, zomwe zinadulidwa kale ndipo zikudikira kupita ku MRA ndi ku kampani ya penshoni mwezi wotsatira. Tikachotsa, zatsala K14,300,000.

Buku likuonetsa kuti thumba la mijigo latsala ndi K12,000,000 ndipo la phala K2,600,000, pamodzi K14,600,000. Ndiye kuti bungwe likuyenera kukhala likusungira eni ake K14,600,000 koma lili ndi K14,300,000. Palibe amene waba. Chachitika n'chakuti thumba lomasuka linayamba chaka ndi K1,500,000, lalandira K1,400,000 yokha chifukwa maukwati ambiri sanayambe ndipo ena amene anachitira msonkhano mu holo sanalipire, pomwe latulutsa K3,200,000. Latsika ndi K300,000 pansi pa ziro, ndipo K300,000 imeneyo yatengedwa ku ndalama za mijigo ndi phala popanda munthu aliyense kupanga chiganizo chotero. Zolipira zimadutsa bwinobwino popeza ku banki kuli ndalama.

Mukaona zotere, musadikire kuti zidzadzikonza zokha mu Disembala. Uzani wapampando wa bodi ndi msungichuma sabata yomweyo, imitsani zolipira za thumba lomasuka zomwe zingadikire, ndipo tumizani munthu akatolere ngongole ya holo. Ndalama yoyamba yomasuka kulowa itseke dzenjelo. Ndimaona kuti mabungwe ambiri sagwa chifukwa cha wakuba, amagwa ndi kubwereka kotereku: lero K300,000 ya lendi, mawa K1 miliyoni ya malipiro, kenako thandizo latsopano likafika limayamba ndi kubweza dzenje la thandizo lakale. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Lipoti likuti pulojekiti yatsala ndi ndalama, koma amisiri a mijigo akuuzidwa kuti adikire kaye.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: thumba likapyola kapena likatsala

Pofika Disembala chimanga ndi soya zinakwera mtengo, ndipo phala ladya K10,800,000 pa K10,000,000 yomwe inaperekedwa. K800,000 yapamwambayo siyingatengedwe ku mijigo, ngakhale mijigo ili ndi zotsala. Yambani mwapempha wopereka wa phala ngati angaonjezere. Akakana, bodi ikhale pansi ivomereze kusamutsa K800,000 kuchoka ku `U01` kupita ku `R02`, chiganizocho chilembedwe m'maminitsi, ndipo pakhale vocha yosamutsira. Ndalama imaloledwa kuyenda kuchoka ku thumba lomasuka kupita ku lomangidwa nthawi ina iliyonse bodi ikafuna. Kubwerera mbali inayo, kapena kuchoka ku lomangidwa lina kupita ku linzake, kumafuna kalata ya wopereka.

Zoona zake n'zakuti kupyola kumeneku kunayenera kuonekera mu Seputembala, pomwe K2,600,000 yotsala inkayenera kudyetsa ana teremu yonse. Nthawi imeneyo kupempha kukanakhala kosavuta kusiyana ndi kupempha ndalama itatha kale.

Thumba la mijigo lagwiritsa ntchito K17,500,000 ndipo latsala ndi K6,500,000. Imeneyi si phindu. Pulojekiti ikutha mu Malichi, choncho ndalamayo iwolokera chaka chamawa ikadali yomangidwa. Ikadzatsalabe pa 31 Malichi, mudzabweza kapena mudzapempha kuti akuonjezereni nthawi, ndipo pempholo lipite tsikulo lisanafike. Kuthamangira kugula matayala ndi mapepala sabata yomaliza kuti ndalama "ithe" kumabweretsa mafunso, chifukwa katundu wogulidwa pa 29 Malichi sangakhale kuti watumikira pulojekiti yotha pa 31.

Za kusintha kwa mphamvu ya kwacha nazo zimagwera pano. Pangano likakhala la madola kapena mapaundi, kwacha ikagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gawo lotsatira la thandizo limabwera ndi makwacha ochuluka kuposa a mu bajeti. Makwacha owonjezerawo ndi a thumba lomwelo. Auzeni eni ake, mugwirizane bajeti yatsopano, makamaka popeza zipangizo za mijigo zochokera kunja zimakhala zakweranso. Chiwongoladzanja cha ku banki chitsate zomwe munalemba pa pepala lija la gawo loyamba.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: malipoti atatu kuchokera m'buku limodzi

Wopereka thandizo amafuna kuona thumba lake lokha, pa nthawi ya pangano lake, m'mizere ya bajeti yake. Lipoti la mijigo la Epulo mpaka Disembala lingaoneke chonchi:

| Mzere | Bajeti | Zagwiritsidwa | Zatsala |
|---|---|---|---|
| Zipangizo za mijigo | 13,000,000 | 10,200,000 | 2,800,000 |
| Amisiri ndi mayendedwe | 5,000,000 | 3,400,000 | 1,600,000 |
| Maphunziro a makomiti | 3,000,000 | 1,600,000 | 1,400,000 |
| Gawo la malipiro ndi ofesi | 3,000,000 | 2,300,000 | 700,000 |
| Zonse | 24,000,000 | 17,500,000 | 6,500,000 |

Pansi pake lembani kuti mwalandira K24,000,000, mwagwiritsa ntchito K17,500,000, ndipo K6,500,000 ili ku banki, sitetimenti yake nayi. Mapangano ambiri amalola kuti mzere upyole ndi peresenti yochepa, kawirikawiri 10, popanda kupempha, bola chiwerengero chonse chisapyole. Onani lanu. Onaninso kuti manambala akugwirizana ndi lipoti la ntchito: ngati zipangizo zadya K10,200,000 pa K13,000,000 koma mijigo yokonzedwa ndi 4 pa 12, wowerenga adzafuna kudziwa komwe kuli mapaipi enawo, ndipo kaundula wa m'sitolo ayenera kuyankha.

Bodi imafuna chithunzi chonse pa tsamba limodzi, thumba lililonse ndi danga lake. Cha chaka chonse ndi ichi:

| | U01 | R01 | R02 | Zonse |
|---|---|---|---|---|
| Zotsala pa 1 Januwale | 1,500,000 | 0 | 0 | 1,500,000 |
| Zolowa | 5,000,000 | 24,000,000 | 10,000,000 | 39,000,000 |
| Zotuluka | 4,400,000 | 17,500,000 | 10,800,000 | 32,700,000 |
| Zosamutsa | -800,000 | 0 | 800,000 | 0 |
| Zotsala pa 31 Disembala | 1,300,000 | 6,500,000 | 0 | 7,800,000 |

Mzere wa zosamutsa uyenera kuthera pa ziro nthawi zonse, chifukwa palibe ndalama yalowa kapena kutuluka m'bungwe. Tsopano taonani kusiyana kwake. Munthu wongoyang'ana danga lomaliza anena kuti bungwe lalandira K39,000,000, latulutsa K32,700,000, latsala ndi K6,300,000 yapamwamba, ndipo wina pa msonkhano adzakweza dzanja kuti tionjezere alawansi. Woyang'ana danga loyamba aona kuti thumba lomasuka latsika kuchoka pa K1,500,000 kufika pa K1,300,000. Pa imeneyo K500,000 ndi ya denga lija, ndiye yongokhala ndi K800,000. Thumba lomasuka limatulutsa pafupifupi K367,000 pa mwezi, choncho K800,000 ndi ya miyezi iwiri ndi masiku ochepa. Komanso mijigo ikadzatha mu Malichi, K160,000 ya malipiro a akauntanti yomwe `R01` imanyamula idzabwerera ku thumba lomasuka. Izi ndiye zoti bodi ikambirane, ndipo wopereka lipoti ayambire pa danga loyambalo, osati lomaliza.

Lipoti lachitatu ndi la pachaka, lomwe limaunikidwa ndi maodita ndipo limapita ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, lomwe linalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022. Mu lipoti la zolowa ndi zotuluka mathumba omangidwa amaphatikizidwa kukhala danga limodzi, omasuka danga lina, kenako zonse pamodzi. Mu lipoti la chuma cha bungwe pa tsiku lotseka chaka, kumunsi kumaoneka K6,500,000 yomangidwa ndi K1,300,000 yomasuka payokhapayokha. Kenako m'mawu ofotokozera mumabwera tebulo longa la bodi lija, thumba lililonse ndi dzina la wopereka, cholinga chake, chifukwa cha kusamutsa K800,000, ndi K500,000 yopatulidwa ija.

Musadabwe odita wanu akakonza mwanjira ina. Maodita ambiri kuno amawerenga thandizo ngati zolowa pokhapokha lagwiritsidwa ntchito. Mwanjira imeneyo zolowa za mijigo chaka chino ndi K17,500,000, ndipo K6,500,000 imalembedwa kumbali ya ngongole ngati ndalama yolandiriratu, yomwe pa lipoti imaoneka kuti `Deferred income`. Ubwino wake ndi wakuti phindu labodza lija silioneka n'komwe. Kuipa kwake ndi kwakuti wowerenga saona msanga kuchuluka kwa thandizo lomwe lalandiridwa, choncho tebulo la mathumba limafunikabe m'mawu ofotokozera. Abwenzi a ku Britain anazolowera madanga awiri aja. A ku America amalemba `With donor restrictions` ndi `Without donor restrictions`, ndipo kwa iwo zotuluka zonse zimaoneka m'danga lomasuka, ndalama yomangidwa n'kumasamukira kumeneko pamene ntchito yake yachitika. Njira zonsezi zimachokera m'buku limodzi lomwe lija la madanga asanu ndi awiri. Gwirizanani ndi odita njira imodzi chaka chisanathe ndipo musamaisinthe chaka ndi chaka, apo ayi manambala a chaka chino sadzafanizika ndi a chaka chatha.

Musanapereke mabuku kwa odita, ikani pamodzi malipoti onse omwe munatumiza kwa wopereka aliyense m'chakacho n'kuwafananiza ndi danga la thumba lake. Ngati kwa wa mijigo munalemba K17,500,000 koma buku likuti K17,340,000, fufuzani K160,000 imeneyo. Nthawi zambiri imakhala gawo la malipiro la mwezi umodzi lomwe linalowa mu lipoti koma silinalembedwe m'buku, kapena ndalama yotengeratu yomwe inalembedwa mu lipoti ngati yagwiritsidwa kale ntchito malisiti asanafike.

Potsegula buku la chaka chatsopano, mzere woyamba ukhale `U01` K1,300,000, wachiwiri `R01` K6,500,000. Thumba la `R02` latsekedwa pa ziro, ndipo nambala yake isapatsidwenso pulojekiti ina. Wopereka wa phala akasaina pangano la chaka chamawa, limenelo likhale `R03`, ndipo fayilo ya `R02` ndi mavocha ake isungidwe kwa zaka zonse zomwe pangano ndi malamulo a msonkho akufuna.